Yankho likamaduka musanamalize pa intaviyu yodzijambula nokha

Mabungwe ena olemba anthu ntchito, makamaka akunja ndi amene amalandira makalata ofunsira ntchito ochuluka, sakuitananso munthu ku ofesi pa gawo loyamba la mafunso. Amatumiza imelo yokhala ndi linki, ndipo mukaitsegula mumapeza mafunso olembedwa kapena ojambulidwa kale, amene mumayankha pamaso pa kamera popanda munthu wokumverani mbali inayo. Mapulogalamu odziwika pa ntchito imeneyi ndi monga HireVue, Spark Hire ndi VidCruiter, ndipo ngakhale amasiyana maonekedwe, kayendedwe kake n'kofanana. Funso limaoneka pa sikirini, mumapatsidwa kanthawi koganiza, kawirikawiri masekondi 30, kenako kamera imayamba kujambula ndipo wotchi imawerenga chobwerera m'mbuyo mpaka nthawi yoyankhira itatha. Nthawi imeneyi amaika ndi olemba ntchitowo, ndipo nthawi zambiri imakhala pakati pa mphindi imodzi ndi mphindi zitatu.

Dandaulo limene ndamva kobwerezabwereza kwa achinyamata amene ndawathandiza kukonzekera kuno ku Mzuzu ndi limodzi: kujambula kunaima asanafike pa mfundo yeniyeni. Ambiri amaganiza kuti nthawi inachepa, kapena kuti Chingerezi chawo n'chochedwa, ndipo mankhwala amene amadzipatsa ndiwo kulankhula mothamanga, zimene zimangowonjezera vuto lina pamwamba pa loyambalo. Kuona kwanga n'kwakuti nthawi imatayika koyambirira kwa yankho, osati kumapeto kumene imathera, ndipo mungathe kudziwa pamene ikutayikira ngati mutadzijambula ndi kuwerenga masekondi.

Kupeza pamene nthawi ikuthera

Mwana wa mchemwali wanga, amene anaphunzira zowerengera ndalama, analandira linki yotereyi kuchokera ku bungwe lina limene linkafuna wothandiza mu ofesi ya zachuma. Imelo inanena kuti mafunso ndi asanu, nthawi yoganiza ndi masekondi 30, yoyankhira ndi masekondi 90 pa funso lililonse, ndipo panalibe mwayi wobwereza yankho. Anabwera kunyumba kwanga ku Katoto kutatsala masiku anayi, ndipo tisanakambirane chilichonse ndinaimika foni pa mulu wa mabuku, ndinatchera wotchi, n'kumupatsa pepala lokhala ndi funso limodzi: afotokoze nthawi imene anapeza cholakwika pa ntchito ndi zimene anachitapo. Ndinatuluka m'chipindamo kuti asaone nkhope ya munthu, pakuti ndi mmene zidzakhalire tsiku lenilenilo.

Titaonera vidiyoyo pamodzi, ndinalemba pa pepala sekondi imene gawo lililonse linayambira. Masekondi 20 oyambirira anapita ku moni, kutchula dzina lake, ndi kuthokoza bungwelo chifukwa cha mwayi umene lamupatsa. Kuchokera pamenepo mpaka pa sekondi ya 58 ankafotokoza za sitolo yogulitsa zipangizo zaulimi kumene ankaphunzirira ntchito, kukula kwake, antchito ake, ndi mmene nyengo yogulitsa feteleza imakhalira yotanganidwa. Cholakwika chenichenicho anachitchula patatsala masekondi 32 okha, ndipo wotchi inalira ali pakati pa chiganizo chonena kuti anapita kukaonana ndi abwana ake. Zimene anachita ndi zimene zinatsatira, ndiko kuti zinthu ziwiri zimene funsolo linkafuna, sizinalowe n'komwe mu vidiyo.

Iye anati, “Malume, ndikanangoyamba ndi nkhaniyo osapereka moni, sakanandiona ngati wopanda mwambo?” Funso limeneli ndi lomveka, ndipo ndikhulupirira kuti muzu wa vuto lonse uli pamenepa. Ife tinaleredwa kuti polankhula ndi akuluakulu umayamba ndi malonje, umayala nkhani kuchokera kumene inayambira, ndipo mfundo umaitula pomaliza womvera atakonzeka kuilandira. Pa bwalo kapena pa zokambirana za ukwati kalankhulidwe kameneka ndi kaulemu ndiponso kanzeru. Koma wotchi ya pulogalamuyi imadula kumapeto, kumene ife timasunga chinthu chofunika kwambiri, ndipo wodzaonera vidiyoyo, amene mwina ali ndi mavidiyo ena ambiri oti aonere tsiku lomwelo, amangoweruza zimene zinajambulidwa.

Choncho choyamba kuchita ndicho kudzijambula poyankha funso limene simunalikonzekere, kenako kufufuza sekondi imene munayamba kuyankha zimene mwafunsidwa. Ngati sekondi imeneyo yapitirira 15, vuto lanu ndi kayalidwe ka yankho, ndipo kuthamangitsa lilime sikudzakuthandizani. Ngati munayamba msanga koma n'kudukabe, pitirizani kumvetsera kuti muone ngati simukunena chinthu chimodzi kawiri, nkhani imene ndiikhudza m'munsimu.

Kudziwa kuchuluka kwa mawu amene nthawi yanu inganyamule

Masekondi 90 ali ngati thumba lokhala ndi muyeso wake, ndipo munthu aliyense ayenera kudziwa muyeso wa thumba lake. Olankhula Chingerezi momasuka amatchula mawu pafupifupi 130 mpaka 150 pa mphindi, koma chiwerengero chimenechi si chanu, ndipo sindikulangizani kuti muchikakamire. Tengani nkhani iliyonse ya Chingerezi m'nyuzipepala, muiwerenge mokweza kwa mphindi imodzi pa liwiro limene mumalankhulira ndi munthu amene mumamulemekeza, kenako muwerenge mawu amene mwatchula. Mtsikanayu anapeza mawu 120. Popeza n'kwanzeru kusiya masekondi 10 osagwiritsidwa ntchito kumapeto, anatsala ndi masekondi 80, amene pa liwiro lake amanyamula mawu 160. Titalemba zonse zimene ankafuna kunena mu yankho loyamba lija, zinakwana mawu pafupifupi 300, kutanthauza kuti ankafunika mphindi ziwiri ndi theka. Apa anaona yekha kuti ngakhale akanathamanga motani, katunduyo sakanalowa.

Masekondi 80 aja tinawagawa motere. Masekondi 10 oyamba ndi a chiganizo chimodzi choyankha funso mwachindunji. Masekondi 15 otsatira ndi ofotokoza malo ndi udindo wake, zokhazo zimene womvera sangamvetse nkhaniyo popanda izo. Gawo lalikulu, masekondi 40, ndi la zimene iye mwini anachita, ndipo masekondi 15 omaliza ndi a zotsatira zake. Amene anamvapo za njira yoyankhira yotchedwa STAR aona kuti izi zikufanana nayo, kusiyana kwake n'kwakuti ine ndimaika chidule cha yankho patsogolo, kuti ngakhale wotchi itadula, mfundo ikhale italowa kale.

Yankho lake lachiwiri, limene analankhula m'Chingerezi, linayenda chonchi. Anayamba ndi kunena kuti anapeza invoisi imodzi ya K480,000 italowetsedwa kawiri m'buku la ndalama, ndipo anaikonza malipiro achiwiri asanatuluke. Anatchula mwachidule kuti panthawiyo ankaphunzira ntchito pa sitolo ya zipangizo zaulimi, ndipo udindo wake unali kufananiza buku la ndalama ndi mapepala a ogulitsa katundu kumapeto kwa mwezi. Kenako anafotokoza kuti ataona kuti ziwerengero sizikugwirizana, anabwerera ku ma invoisi a mwezi wonse, anapeza nambala imodzi ikuoneka pa masiku awiri osiyana, anatsimikiza ndi pepala lolandirira katundu kuti katunduyo anabwera kamodzi kokha, ndipo anapita kwa abwana ake atanyamula mapepala onse awiri m'malo mongofufuta mwakachetechete. Anamaliza ndi kunena kuti ndalamazo sizinalipidwe kawiri, ndipo kuyambira pamenepo ankayamba waona nambala ya invoisi asanailowetse. Anamaliza pa sekondi ya 78. Moni sanautaye, koma anaufupikitsa kukhala mawu ochepa pa funso loyamba lokha, pakuti mafunso asanuwo ndi kucheza kumodzi, ndipo palibe amene amapereka malonje kasanu kwa munthu mmodzimodzi pa tsiku limodzi.

Chete wa kamera

Chifukwa chachiwiri chimene mayankho amatalikira n'chobisika kuposa choyambachi. Tikamalankhula ndi munthu, iye amativomereza ndi mutu, kapena amati “eya” ndi “ndithu”, ndipo tizizindikiro timeneti ndi timene timatiuza kuti mfundo yamveka, tipite patsogolo. Kamera siyankha kanthu. Munthu amanena chinthu, samva kuvomera, ndipo mosazindikira amachinenanso m'mawu ena poganiza kuti sichinamveke. Mu vidiyo yanu mudzazindikira vutoli pomva mawu monga “ndikutanthauza kuti” kapena “kunena kwina” m'Chingerezi chanu, akutsatiridwa ndi mfundo imene mwainena kale. Ena chete yemweyu amawachititsa mantha mpaka kusiya kulankhula pa sekondi ya 25, ndipo yankho limakhala lopanda chitsanzo chilichonse.

Mankhwala ake ndi kuzolowera chete ameneyu tsiku lisanafike. Musamayeserere pamaso pa mnzanu amene akukugwederani mutu, chifukwa mukatero mukuphunzira mayeso ena osati amene mukukalemba. Mnzanuyo akulembereni mafunso pa timapepala, awapinde, ndipo inu muziwatsegula muli nokha m'chipinda, wotchi ikuyenda. Mukanena mfundo, pumani mpweya kamodzi n'kupita ku yotsatira, mukhulupirire kuti yamveka. Maso anu aziyang'ana pa diso la kamera osati pa nkhope yanu ya pa sikirini, ndipo ngati zikukuvutani, matani kachidutswa ka pepala kowala pambali pa kamerayo kuti maso adziwe pobwerera. Wotchi muziiyang'ana kawiri kokha, pakati pa yankho ndi chakumapeto, chifukwa kuiyang'anitsitsa kumaoneka mu vidiyo ndipo kumabalalitsa maganizo.

Mukaona kuti kwatsala masekondi 15 koma mudakali pakati pa nkhani, musayese kumaliza zonse. Malizani chiganizo chimene muli nacho, n'kudumphira pa zotsatira. Yankho losowa chidutswa chimodzi chapakati koma lokhala ndi mathero limamveka lathunthu, pamene loduka pakati pa liwu limasiya woonera asakudziwa ngati nkhaniyo inatha bwino. Ndipo ngati mwamaliza nthawi ikadalipo, dinani batani loimitsa kujambula, palibe lamulo lakuti mudzaze masekondi onse.

Masekondi 30 oganiza

Anthu ambiri amawononga kanthawi aka poyesa kulemba yankho lonse, ndipo kujambula kumayamba iwo atalemba chiganizo chimodzi ndi theka. Masekondi 30 amangokwanira zinthu ziwiri: kuwerenga funso mosamala kuti muone ngati lili ndi mbali ziwiri, ndi kusankha nkhani imene muigwiritse ntchito. Izi zimatheka pokhapokha ngati nkhanizo munazikonzeratu. Ndimalangiza munthu kukonza nkhani zisanu kapena zisanu ndi imodzi zochokera pa ntchito, pa sukulu kapena pa udindo wa ku mpingo ndi m'mudzi, monga ya cholakwika chimene anakonza, ya kusagwirizana ndi mnzake, ya ntchito imene inali ndi tsiku lomalizira lothina, ndi ya chinthu chimene anaphunzira mofulumira. Nkhani iliyonse aipatse dzina la mawu awiri kapena atatu, n'kulemba mayinawo pa pepala limodzi loikidwa pafupi ndi kamera.

Kulemba yankho lonse n'kumaliwerenga sindikuvomereza. Maso owerenga amayenda uku ndi uku, mawu amataya moyo wake, ndipo funso likabwera losiyana pang'ono ndi limene munayembekezera, mumayankha funso limene simunafunsidwe. Dziwaninso kuti pa mapulogalamu ambiri kujambula kumayamba kokha nthawi yoganiza ikatha, kotero ngati mutaweramira pa pepala, masekondi oyamba a vidiyo adzaonetsa pamwamba pa mutu wanu. Mapulogalamu ambiri amapereka funso loyeserera limene silitumizidwa kwa olemba ntchito. Musalidumphe, chifukwa ndi pamene mungaone pamene wotchi yaikidwa pa sikirini, ngati kujambula kumayamba kokha, ndi pamene pali batani loimitsira. Ngati mwapatsidwa mwayi wobwereza yankho, werengani bwino malangizo ake, pakuti pa mapulogalamu ena kubwereza kumafufuta yankho loyamba, ndipo mungathe kutaya yankho labwino pofuna langwiro.

Pamene chodula yankho si inu

Pali nthawi zina pamene munthu wayala bwino yankho lake koma zipangizo n'zimene zamugwetsa, ndipo kuno ku Mzuzu zinthu zitatu zimabwerabwera: netiweki, magetsi ndi mvula.

Za netiweki, cholakwika chofala ndicho kuyesa intaneti poonera vidiyo, n'kukhutira kuti ili bwino chifukwa vidiyoyo sikudukaduka. Kuonera ndi kulandira, pamene intaviyu yotereyi ndi kutumiza, ndipo liwiro lotumizira nthawi zambiri limakhala lotsika kuposa lolandirira. Tsegulani `fast.com`, dinani `Show more info`, ndipo muone chiwerengero cha `Upload`, n'kuchiyerekeza ndi chimene pulogalamuyo yatchula m'malangizo ake. Yesani muli pa mpando womwewo ndi pa ola lomwelo limene mukufuna kudzajambula, chifukwa netiweki ya m'mawa ndi ya madzulo sizifanana, ndipo ngakhale m'nyumba imodzi chipinda china chimagwira bwino kuposa chinzake. Gulani bandulo ya intaneti yonse, osati ya WhatsApp kapena Facebook yokha, imene sidzatsegula linkiyo. Ngati laputopu ikutenga intaneti ku foni, dziwani kuti munthu akakuimbirani, intaneti ingathe kuima kapena kuchedwa kwambiri, choncho uzani achibale ola limenelo kuti asaimbe. Kukhala ndi simu yachiwiri ya kampani ina yokhala ndi bandulo kale n'kothandiza kwambiri.

Chizindikiro chakuti vidiyo ikuvutika kupita ndi mzere kapena kagudumu kamene kamaima malo amodzi mukamaliza yankho. Zikatero musatseke tsambalo ndipo musadine batani lobwerera m'mbuyo, dikirani kaye mphindi zingapo. Ngati zakanikiratu, jambulani chithunzi cha sikirini chooneka uthengawo ndi nthawi, sinthani netiweki, n'kutsegulanso linki ya mu imelo ija, pakuti mapulogalamu ambiri amasunga mayankho amene anapita kale ndipo amakubwezerani pa funso limene munalekezera. Ngati funsolo lawerengedwa ngati layankhidwa pamene silinapite, lemberani nthawi yomweyo olemba ntchitowo kapena thandizo la pulogalamuyo, mutchule nambala ya funso, ola limene zinachitika, ndi kuphatikiza chithunzicho. Kalata yotereyi imamveka ikafika tsiku lomalizira lisanakwane, n'chifukwa chake sindilola aliyense amene ndikumuthandiza kujambula pa tsiku lomaliza. Pa tsiku lomalizirali onaninso kuti ola lalembedwa pa nthawi ya dziko liti. Nairobi ili patsogolo pa ife ndi ola limodzi, kotero 5 koloko madzulo ya kumeneko ndi 4 koloko kuno, ndipo munthu angapeze linki itatsekedwa iye akuganiza kuti ola lilipo.

Ngati kamera kapena maikolofoni sizikugwira poyesa koyamba, kawirikawiri vuto ndi chilolezo. Tsamba limafunsa ngati mukulola kuti ligwiritse ntchito zipangizozi, ndipo munthu akadina `Block` m'malo mwa `Allow`, silifunsanso. Mu Chrome, dinani kachizindikiro kali kumanzere kwa adiresi ya tsamba, mulole `Camera` ndi `Microphone`, n'kutsegulanso tsambalo. Tsekaninso Zoom kapena Teams ngati zili zotsegula, chifukwa zingakhale zitagwira kamera.

Za magetsi, batire ya laputopu ndi ya foni zikhale zodzaza, ndipo kuwala kwanu kusadalire babu. Khalani moyang'anizana ndi zenera masana, kuti magetsi akazima nkhope yanu isalowe mu mdima pakati pa yankho. Zenera likakhala kumbuyo kwanu, kamera imaonetsa mthunzi wa munthu wopanda nkhope.

Mvula ndiyo imene anthu amaiiwala, chonsecho kuno imagwa miyezi yambiri ndipo imabwera mosachenjeza. Pa nyumba ya malata yopanda siling'i, phokoso lake limameza mawu, ndipo inu simungazindikire chifukwa khutu lanu linazolowera. Mtsikana uja anakonza zojambula Lachitatu m'mawa kunyumba kwawo ku Chibavi, tsiku lomalizira lili Lachisanu. Atangomaliza funso loyeserera mvula inayamba, ndipo atamvetsera zimene anajambulazo anapeza kuti mawu ake akumveka ngati ochokera m'chitsime. Anandiimbira kufunsa ngati apitirize, ndipo ndinamuuza kuti, “Usadine funso loyamba, tseka, ubwere kuno mawa.” Popeza anali asanatsegule funso lenileni, palibe chimene chinatayika. Lachinayi anajambulira m'chipinda changa chokhala ndi siling'i, atavala mahedifoni a waya amene maikolofoni yake inali pafupi ndi pakamwa, chitseko chotseka ndi ana atatumizidwa kwa aneba. Mafunso anayi anawamaliza nthawi ikadalipo. Pa funso lachinayi, limene linali ndi mbali ziwiri, anaona kuti kwatsala masekondi 14 asanakhudze mbali yachiwiri, ndipo anasiya chitsanzo chimene ankafotokoza n'kuyankha mbaliyo m'ziganizo ziwiri. Atamaliza funso lachisanu sanatseke laputopu mpaka sikirini itaonetsa uthenga wotsimikiza kuti mayankho onse alandiridwa, ndipo uthengawo anaujambula chithunzi n'kuusunga pamodzi ndi imelo ija.